Alekanitseni chammbali, osati chakumbuyo

Pa misonkhano ya komiti ya ukwati anthu amatha maola akukangana za mtundu wa nsalu, kukula kwa keke ndi galimoto yodzanyamula akwati. Nkhani ya amene adzakhale pati imabwera kumapeto, anthu atayamba kale kusuzumira m'mafoni, ndipo kawirikawiri imatha ndi mawu amodzi: akuluakulu kutsogolo, ena onse adzaona pokhala. Kenako ntchitoyo imagwera wokongoletsa holo, munthu wodziwa kumanga maluwa ndi kupinda nsalu, koma wosadziwa kuti bambo ndi mayi a mkwatibwi adasiya kulankhulana mwanayo ali sitandade 3.

Maganizo anga ndi awa. M'holo ya ukwati muli njira ziwiri zotalikitsira anthu osamvana: kusunthira mmodzi kumbali, kapena kumusunthira kumbuyo. Papepala ziwirizi zimaoneka zofanana, mamita 6 ndi mamita 6 basi. Kwa munthu wokhala pampandopo n'zosiyana kutalitali. Womuika kumbali wangomupatula, koma womuika kumbuyo wamutsitsa pamaso pa abale ake onse. Makomiti ambiri akafuna kuzemba mkangano amatsitsa mmodzi mwa odanawo, osazindikira kuti potero agamula mlandu umene palibe adawatuma kuti aweruze. Wotsitsidwayo sanena kanthu tsikulo. Amadya mpunga wake, n'kunyamuka keke asanadule, ndipo nkhaniyo mudzaimva pamaliro a chaka chamawa.

Ndikudziwa kuti ena akuti kale, zolemba mayina pamipando n'zachizungu, ukwati wa kuno ndi wa aliyense. Pali choona m'menemo, ndipo ndibwererako. Koma kunena kuti kwathu kulibe dongosolo la kakhalidwe ndi bodza. Pitani pamaliro kumudzi muone ngati mungangofikira pampando uliwonse. Mafumu ali ndi malo awo, a mpingo ali ndi awo, amayi ali pamphasa mbali yawo, ndipo mnyamata wokhala pa mpando wandalema akulu ataima amadzudzulidwa ndi diso lokha. Pabwalo la milandu n'chimodzimodzi. Dongosololi lilipo, kungoti silinalembedwe, chifukwa limakhala m'mutu mwa munthu wamkulu wodziwa aliyense ndi mbiri yake. Chimene chasintha n'chakuti madyerero ambiri masiku ano akuchitikira m'maholo a ku Lilongwe, Blantyre kapena Mzuzu, ndipo oima pakhomo ndi anzawo a akwati a kukoleji kapena kuntchito. Atsikana ndi anyamata amenewa sadziwa kuti bambo ovala jekete lakutha aja ndiwo mwinimbumba. Amaona suti, n'kuitsogolera kutsogolo. Pepala la malo okhala ndi njira yongosamutsira zimene zili m'mutu mwa nkhoswe kuti zifike m'manja mwa woima pakhomo.

N'chifukwa chake ndikunena kuti pepalali lisalembedwe ndi akwati okha, ndipo wokongoletsa holo asaligwire n'komwe mpaka litatha. Olilemba akhale akwati pamodzi ndi ankhoswe a mbali zonse ziwiri, kuphatikizapo mayi mmodzi wachikulire kumbali iliyonse, chifukwa mikangano ina amuna saidziwa, kapena amanamizira kusaidziwa. Nthawi yabwino ndi masabata awiri tsiku lisanafike, makadi atapita kale ndipo zikudziwika amene abwere.

Funso loyamba pamsonkhanowo si la odana ayi, koma la akuluakulu. Wamkulu ndani? Mawu amenewa tawasokoneza. Pa maukwati ambiri a m'tauni "akuluakulu" asanduka mabwana: abwana a kuntchito kwa mkwati, aphungu, mlendo wolemekezeka wosankhidwa chifukwa cha kulemera kwa envulopu yake. Agogo amene adabereka mayi a mkwatibwi, atayenda usiku wonse pa basi, amapezeka mzere wachinayi pafupi ndi khomo la kukhichini. Sindikudana ndi mabwana, ndipo ndikumvetsa kuti ukwati uli ndi ngongole zofunika kubweza. Koma bwana amene mwamuika mzere wachiwiri, pamalo abwino oona zonse, sakhumudwa ngati akuona kuti patsogolo pake pali nkhalamba za imvi. Wokhumudwa ndi zimenezo ndiye kuti envulopu yakenso inali yokayikitsa.

Ukulu wa pabanja nawonso si zaka zokha. Kwa Achewa, Alhomwe ndi Ayao, kumene mwana amawerengedwa ku mtundu wa mayi, malume ndiwo eni mbumba, ndipo angakhale ndi zaka 45 pamene m'holomo muli anthu a zaka 70 amene sali pamwamba pawo pa nkhani ya mwanayu. Kwa Atumbuka ndi Angoni a ku Mzimba, kapena Asena a ku Nsanje, kumene kuli malowolo, kulemera kuli ku mbali ya bambo, ndipo azakhali ndi abale a bambo ndiwo oyamba. Ukwati wa mnyamata wa ku Rumphi ndi mtsikana wa ku Dowa uli ndi makwerero awiri osiyana m'holo imodzi. Vuto limabwera pamene mbali imodzi ikonzera inzake malo potsata mwambo wake. Mbali iliyonse isanje akulu ake, ndipo inayo isalowererepo.

Tsopano tiyerekeze ukwati umodzi, tiuyende bwinobwino. Holo ili ndi nsanja ya akwati kutsogolo, bwalo la perekaniperekani patsogolo pa nsanjayo, ndi njira yapakati yoyala kapeti. Matebulo ndi ozungulira, a anthu 10, otambalala pafupifupi mamita 1.8, ndipo pakati pa tebulo ndi linzake pamafunika mita ndi theka kuti anthu azidutsa kuseri kwa mipando. Alipo 24, kutanthauza alendo 240: matebulo 12 kuchikazi, 12 kuchimuna, mbali iliyonse mizere inayi ya matebulo atatu. Mzere uliwonse uli ndi tebulo la kunjira, lapakati ndi la kukhoma. Kuchokera pa la kunjira kufika pa la kukhoma ndi mamita 6 kapena 7. Mtunda umenewu ndi wokwanira kuti munthu asamve zimene mnzake akunong'ona, makamaka nyimbo zikulira.

Kuchikazi zinthu zili chonchi. Makolo a mkwatibwi adalekana kalekale. Mwanayo adaleredwa ndi mayi ake, ndipo fizi yonse kuyambira sekondale adalipira ndi malume ake aakulu. Bambo adakwatira kwina, koma mwana wawo sadamutaye kwenikweni, ndipo mkwatibwi akufuna adzakhalepo. Abwera ndi akazi awo atsopano ndi alongo awo awiri. Mayi ndi bambowa sapatsana moni, ndipo malume aja akamva dzina la mlamu wawo wakale amalavula.

Njira zitatu zimene makomiti amathamangira zonse n'zolakwika. Yoyamba ndi kuwaika tebulo limodzi, poti onse ndi makolo ndipo angapirire maola anayi chifukwa cha mwana. Angapirire ndithu, koma kamera idzajambula nkhope ziwiri zoyang'ana kosiyana, ndipo mkwatibwi adzatha tsiku lake akuba maso kuyang'ana tebulo limenelo. Yachiwiri ndi kuika bambo mzere wachiwiri, kumbuyo kwa mayi ndi malume. Ambiri amaona ngati n'chilungamo, poti wolera ndiye kholo. Mwina n'zoona. Koma holo si bwalo la milandu, ndipo alongo awo a bambowo adzawerenga uthengawo asanakhale n'komwe pansi. Yachitatu ndiyo imaoneka yochenjera kuposa zonse, kuwolotsera bambo kuchimuna kumene kuli malo. Imeneyi ndiyo yoipitsitsa, chifukwa mwasandutsa munthu mlendo paukwati wa mwana wake, ndipo a kuchimuna ayamba kufunsana kuti kodi kumeneko kuli chiyani.

Chimene chimagwira ntchito ndi kuwasunga onse mumzere woyamba wa kuchikazi. Tebulo la kunjira likhale la mayi, agogo, malume ndi akazi awo, ndi nkhoswe. La kukhoma likhale la bambo, akazi awo, azakhali awiri aja ndi akulu ena a kumtundu wa bambo. Lapakati ndilo lofunika kuliganizira kwambiri, chifukwa ndilo mpanda. Pakhale anthu amene mbali zonse zimawachitira manyazi: abusa kapena akulu a mpingo, amfumu a kumudzi kwa mkwatibwi, aphunzitsi akale opuma ntchito. Paja akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Munthu amene akadaponya mawu pamwamba pa mitu ya achinyamata amawameza akaona kuti adutsa pamutu pa abusa. Musaikepo ana, ndipo musaikepo abale ake a mkwatibwi obadwa nawo, chifukwa amenewo ali kale pakati pa moto uwiri ndipo tsikulo ayenera kupuma.

Pali vuto limene mwina mwaliona kale. Tebulo la kukhoma silifanana ulemu ndi la kunjira. Lili patali ndi akwati, ndipo m'maholo ambiri ndi pomwe amaimika masipika, m'makona a kutsogolo. Mukalisiya choncho ndiye kuti mwawatsitsabe bambo aja, mwangochita mobisa. Pali zinthu ziwiri zoti muchite. Choyamba, mzere woyamba usakhale wowongoka, upindike ngati uta kuzungulira bwalo la perekaniperekani, tebulo la kukhoma libwere patsogolo pang'ono. Mukatero matebulo onse atatu amakhala pa mtunda wofanana kuchokera pomwe akhala akwati, ndipo palibe amene anganene kuti ali kumapeto. Chachiwiri, kambiranani ndi mwini zida za nyimbo tsiku lisanafike. Masipika akwezedwe pa miyendo yake kuti phokoso lidutse pamwamba pa mitu, ndipo atalikirane ndi matebulo a akulu. Pamalo otseguka phokoso limatsika ndi madesibelo 6 nthawi iliyonse mtunda ukawirikiza kawiri. M'holo limatsika mochepera chifukwa makoma amalibweza, komabe kusuntha sipika kuchoka pa mita imodzi kufika pa mamita 4 kumamveka ndithu m'khutu. Kuika nkhalamba ya zaka 80 mphuno ndi mphuno ndi sipika kwa maola anayi, n'kumati taipatsa ulemu wa kutsogolo, ndi chilango chovala tayi.

Tebulo lozungulira lili ndi ubwino wina umene anthu saugwiritsa ntchito. Mipando yake imayang'ana mbali zosiyana. Mayi akhale pampando woyang'ana nsanja ndi njira yapakati, bambo akhale pampando woyang'ana nsanja, phewa lawo litaloza kukhoma. Aliyense akadzutsa mutu aziona mwana wake, osati mnzake wakale.

Nanga akazi atsopano a bambo aja? Ena amati akhale kumbuyo kuti mayi a mwana asapwetekedwe mtima. Ine ndikuti akhale pambali pa amuna awo. Kuwalekanitsa ndi kunyoza banja limene lilipo, ndipo bamboyo adzatha tsiku lonse akucheuka. Chimene chimapweteka mayi wobereka si mpando wa mkazi mnzake, koma dzina. Woyendetsa mwambo, amene timangoti emusi, akalakwitsa n'kunena kuti "bambo ndi mayi a mkwatibwi aimirire" ataloza tebulo la kukhoma, ntchito yonse ya masabata awiri yapita m'madzi. Choncho emusi apatsidwe pepala lolembedwa mmene munthu aliyense wa mzere woyamba atchulidwire, mawu ake enieni.

Apa ndafika pa chinthu chimene mapepala okopera ku maukwati a kunja sachidziwa. Paukwati wa kuno anthu sakhala pansi. Theka la mwambo ndi perekaniperekani, ndipo aliyense amadzuka kangapo kupita kutsogolo. Mungalekanitse anthu ndi mamita 7, koma emusi akangokuwa kuti "makolo onse a kuchikazi, bwerani!" odana aja akumana pa lichero limodzi, zigongono zikugundana, ndalama zili m'manja. Dongosolo la mipando lopanda dongosolo la maulendo ndi theka la ntchito.

Pa ukwati wathu woyerekezawu, maitanidwe agawidwe. Ayambe mayi a mkwatibwi ndi abale awo. Atsatire makolo a kuchimuna. Kenako bambo a mkwatibwi ndi abale awo. Pakati pa awiriwo pakhale nyimbo yathunthu ya gulu lina, kuti oyamba abwerere pamipando achiwiri asanadzuke. Poti mayi ayamba pa perekaniperekani, bambo apatsidwe kuyamba pena, mwina polandira keke. Ndipo za kekezo: mwambo woti akwati agwade n'kupereka keke kwa makolo umakonzedwa ndi makeke awiri, la kuchimuna ndi la kuchikazi. Pano pakufunika atatu, ofanana kukula. Keke limodzi loperekedwa kwa anthu awiri a nyumba ziwiri limabala funso la amene alinyamule, ndipo funsolo limayankhidwa pamalo oimika magalimoto, mokweza.

Emusi achenjezedwenso za chizolowezi chawo chopikisanitsa anthu. Kupikisanitsa a kuchimuna ndi a kuchikazi, kapena otsatira Bullets ndi otsatira Wanderers, n'kosangalatsa ndipo kumadzaza lichero. Kupikisanitsa mbali ya mayi ndi mbali ya bambo a mwana mmodzi, pamene pali chilonda cha fizi ya zaka zambiri, ndi kusewera ndi moto pafupi ndi udzu wouma. Malume aja akangoyamba kuponya ma K5,000 mmodzimmodzi akuyang'ana tebulo la kukhoma, dziwani kuti sakuperekanso, akuwerenga mlandu.

Malo ena okumanirana ndi atatu: tebulo losinthira ndalama, mzere wa chakudya, ndi njira ya kuchimbudzi. Osintha ndalama akhale awiri, wina kufupi ndi njira yapakati, wina kukhoma, kapena wachinyamata mmodzi azizungulira matebulo a kutsogolo ndi ndalama zing'onozing'ono. Akulu a mzere woyamba asaime pamzere wa chakudya, aziperekeredwa pomwe akhala, ndipo operekera ayambe matebulo a kunjira ndi a kukhoma nthawi imodzi kuti pasakhale wodya mnzake akuyang'ana. Za kuchimbudzi, onani kuti tebulo lililonse la kutsogolo lili ndi potulukira posadutsa kuseri kwa mpando wa mdani. Kwa agogo oyenda ndi ndodo, njira imeneyi ikhale yaifupi ndi yopanda mawaya pansi.

Kuchimuna nkhani ndi ina. Abale awiri a bambo a mkwati adakanganirana munda umene adasiya bambo awo. Mlandu udapita kwa nyakwawa, wamng'ono adawina, wamkulu mpaka lero amati padadutsa nkhuku. Onse ndi akulu ofanana pamaso pa mkwati, choncho onse akhale mzere umodzi, wachiwiri, wina kunjira wina kukhoma, poti mzere woyamba wadzaza ndi makolo, agogo ndi ankhoswe. Wamkulu kubadwa atenge la kunjira. Wamng'ono sangadandaule, chifukwa zaka si mlandu. Msampha uli pa tebulo lapakati. Mwachizolowezi mukadaikapo amfumu, koma amfumu amenewa ndi omwe adaweruza mlanduwo, ndiye kwa woluzayo si mpanda ayi, ndi mdani wachiwiri. Iwo akhale mzere woyamba monga mwa ulemu wawo, pa tebulo losakhala kutsogolo kwenikweni kwa woluza uja. Pakati pa abale awiriwo paikidwe anthu a kunja kwa nkhaniyo kotheratu, ndipo apa ndi pamene abwana a kuntchito aja akugwira ntchito yabwino. Pamaso pa mlendo wa ulemu, anthu a mimba imodzi amabisa zonyansa zawo.

Chinthu china chimene ankhoswe odziwa amanena n'chakuti eni mkangano kawirikawiri si amene amayatsa moto. Akulu awiriwo angathe kukhala chete tsiku lonse. Oyambitsa ndi ana awo aamuna atamwa, kapena azimayi a kunyumba kwawo akakumana potunga madzi osamba m'manja. Choncho polemba za odana, lembaninso owatsatira. Anyamata a nyumba ziwirizo asaunjikidwe tebulo limodzi la "achinyamata" kumbuyo, kufupi ndi zakumwa. Amwazeni pakati pa asuweni. Chisuweni chathu chili ndi ufulu wonyozana moseka, ndipo msuweni wanthabwala angathe kuseketsa munthu amene wayamba kufufuma mwina kuposa mmene abusa angachitire.

Si mkangano uliwonse umene mpando ungathetse, ndipo komiti iyenera kusiyanitsa. Pali osalankhulana chabe. Amenewa tebulo limodzi pakati pawo likwanira. Pali oponyerana mawu okuluwika. Amenewa amafuna mpanda ndi maulendo osiyana monga ndafotokozera. Koma pali amene adamenyanapo, amene ali ndi mlandu kukhoti, kapena munthu amene adachitira nkhanza wina wa m'banjamo. Apa funso si loti akhale pati, koma loti aitanidwe kapena ayi, ndipo oyankha ndi akwati ndi ankhoswe. Mtsikana amene adazunzidwa ndi wachibale sayenera kuuzidwa kuti usadandaule, tamuika kutali. Mawu oti chibale ndi fupa sichiola amagwiritsidwa ntchito molakwika kwambiri pa nkhani zotere.

Ena adzati zonsezi ndi mantha, ukwati ndi mpata woyanjanitsa abale. Ndikugwirizana nawo pa cholinga, osati pa malo. Kuyanjanitsa kumachitika pakhonde, mwezi usanafike ukwati, anthu ali ochepa ndipo wina angathe kulira kapena kupepesa osaonedwa ndi anthu 240. Emusi woitana odana kutsogolo kuti agwirane chanza anthu akuwomba m'manja sanayanjanitse aliyense. Wangowakakamiza kuseka ndi mano okha, ndipo adzamukwiyira onse awiri. Ngati ankhoswe ayesa ndipo zatheka, ang'ambeni pepalalo mokondwa. Ngati zakanika, musayesere pa tsiku la ana.

Ndibwerere kwa aja amati ukwati wa kuno ndi wa aliyense. Akunena zoona kuti kulemba dzina pa mipando yonse 240 n'kutaya nthawi. Khadi la anthu awiri limabwera ndi anayi, azakhali amabwera ndi mnzawo wa kumpingo, ndipo wina amene mumamudalira sabwera. Mayina alembedwe mzere woyamba wokha, ndipo pa tebulo lililonse la anthu 10 mulembe 8. Mipando iwiri yotsalayo, 12 m'holo yonse, ndi ya akulu osayembekezeka, chifukwa nthawi zonse pamatulukira agogo ena amene aliyense adawaiwala koma sangaikidwe kumbuyo. Mzere wachiwiri ulembedwe magulu okha, osati mayina. Mizere iwiri yakumbuyo isiyidwe, anthu adzikhalire okha. Ngati holo yanu ilibe matebulo koma mizere ya mipando yokha, mfundo ndi yomweyo: odana akhale mzere umodzi, wina uku wina uko, ndipo musiye kanjira kukhoma kuti wa kumapeto asamadumphe miyendo ya mdani wake potuluka.

Manambala pa matebulo a kutsogolo ndi oopsa, chifukwa 1 ndi 3 amalankhula okha. Ena amaika mayina m'malo mwake, koma nawonso amafuna nzeru. Mayina a nsomba ayi, poti wa pa usipa adzayang'ana wa pa chambo. Mitundu ya utoto ayi, poti kuno wabuluu, wachikasu ndi wofiira ali ndi zipani zake. Mitengo ndiyo yosalakwa: mbawa, mlombwa, mkuyu, msangu, mlambe, msuku.

Mapepala akhale awiri. Loyamba ndi loonetsa anthu, la mayina ndi matebulo basi. Lachiwiri ndi la zifukwa, lonena amene sayenera kuyandikana ndi amene, ndipo limeneli likhale ndi ankhoswe, emusi ndi mkulu wa olandira alendo okha. Lisaponyedwe pa gulu la WhatsApp la komiti. M'gulu la anthu 30 muli mmodzi amene adzalitumiza kwa azakhali usiku womwewo.

Anthu a mzere woyamba auzidwe malo awo tsiku lisanafike, pakamwa, ndi nkhoswe. Kwa bambo aja mawu ake angakhale akuti: "Bambo, malo anu takonza kutsogolo, pamodzi ndi mayi a kunyumba ndi alongo anu. Mwana wanu azikuonani bwinobwino." Palibe chifukwa chotchulira amene ali tebulo lina, iwo akudziwa, ndipo akuyamikira kuti simunatchule. Pakhomo paime anthu awiri odziwa nkhope, wina wa kuchimuna wina wa kuchikazi, makamaka msuweni wokulira kumudzi. Mipando ya kutsogolo ilondedwe kuyambira holo ikangotsegulidwa, chifukwa akulu ochokera kumudzi amachedwa kutchalitchi kudikira galimoto pamene a m'tauni afika kale. Kudzutsa munthu amene wakhala kale n'kovuta kuposa kumuletsa asanakhale. Zikachitika, mawu ake ndi ofatsa: "Pepani achimwene, apa tasungira agogo ochokera kumudzi. Tiyeni ndikuperekezeni pena pabwino."

Mwambo ukayamba, mkulu wa olandira alendo asakhale pansi. Zizindikiro zoti china chalakwika zimaoneka msanga kwa wodziwa kuyang'ana. Kapepala ka dzina kasunthidwa. Mpando watembenuzidwa kufulatira tebulo lina. Tebulo lathunthu silinadzuke pamene gulu lawo laitanidwa kukapereka, kapena amuna a nyumba imodzi atuluka onse n'kukaima panja pa magalimoto. Iye asapite yekha kukafunsa, poti ndi mwana. Akanong'oneze nkhoswe ya mbali imeneyo, ndipo akwati asauzidwe kanthu.

Chomaliza pa pepala lachinsinsi lija chikhale zithunzi. Wojambula amakonda kuitana "banja lonse la kuchikazi" kuti amalize msanga, ndipo amasanja anthu potsata kutalika kwa msinkhu, zimene zingaike mayi phewa ndi phewa ndi mkazi mnzawo. Mupatseni mndandanda wake: akwati ndi mayi ndi a kumtundu wawo, akwati ndi makolo a kuchimuna, akwati ndi bambo ndi a kumtundu wawo. Ngati mkwatibwi akufunitsitsa chithunzi chimodzi chokhala ndi omubereka onse awiri, apemphe yekha kwa aliyense masiku asanafike, ndipo pojambulapo akwati aime pakati, mayi mbali ya mwana wawo, bambo mbali ya mkamwini.